Mawu a Pansi pa Vidiyo ya Babashopu ya Adada

Adada anayamba kumeta anthu a ku Karonga ine ndisanabadwe. Anayambira pansi pa mtengo wa mango ndi sizasi, lumo ndi kagalasi kothyoka ngodya. Kenako anapeza kachipinda pamzere wa masitolo, pakati pa golosale ndi malo okonzera njinga, ndipo sanasamukemonso. Ine ndinakulira m'fungo la sipiriti ndi pauda. Nditakula ndinatsegula kamalo kanga ka fotokope tsidya la msewu, moyang'anizana ndi khomo lawo, moti tsiku lonse ndikadzutsa mutu ndinkawaona ali chiimire kumbuyo kwa mpando, mashini ali m'manja, akuseka ndi anthu a pa benchi.

Chaka chimene ndikunenachi, mwendo wawo wakumanzere unayamba kuvuta. Mitsempha inatupa, ndipo pamwamba pa kakolo panabuka chilonda chosafuna kupola. Iwo anachibisa m'sokosi yaubweya. Tangoganizani, sokosi yaubweya ku Karonga, kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa! Ndinachiona mwangozi tsiku lina akusamba mapazi kuseri kwa nyumba, ndipo ndinakuwa mpaka aneba anasuzumira. Ine mtima wanga ndi wapachala, zimenezo aliyense amadziwa. M'mawa mwake ndinawakweza kabaza wa kuchipatala, akufuna asafune.

Adokotala sanazungulire. Anati chilondacho chikudyetsedwa ndi kuimirira. Anachitsuka, anachimanga bandeji, nanena kuti kangapo pa tsiku adada azikhala pansi, mwendo ataukweza pamwamba, kwa kanthawi ndithu osati kungogunda mpando ndi kudzuka. Anati tidzabwerenso kumapeto kwa mwezi wotsatira. Chilonda chikadzapezeka kuti sichikuchepa, ntchito yoimirira adzaisiye basi.

Achimwene anga, amene amagwira ntchito ku Mzuzu, atamva anagamula mlandu pa foni pomwepo. Anati tsiku lobwerera kuchipatalalo adzabwera ndi galimoto, ndipo zikadzakhala kuti sizinasinthe adzawatenga adada kukakhala nawo, mashini ndi mpando tidzagulitse. Sankanena mwankhanza ayi, nawonso ankaopa. Adada anamvetsera mpaka kumapeto, anandibwezera foni, nati, “Ku Mzuzu ndikameta ndani, nkhungu?” Anaseka okha, koma madzulo amenewo sanadye. Ine ndinadziwa kuti munthu ameneyu mukamuchotsa kumbuyo kwa mpando uja, mwamuika m'manda akupuma.

Vuto la babashopu ndi lakuti mitu sibwera umodzi umodzi. M'mawa mutha kukhala phee, kenako anthu asanu ndi awiri afika pamodzi ngati atsika basi imodzi. Ndipo adada anali ndi lamulo lawo lakale: munthu akakhala pa benchi sabwezedwa. Ankameta mpaka benchi ithe, ngakhale dzuwa lipendeke iwo osalawa kanthu. Ndiye ine ndinaganiza zoti anthu azibukitsa nthawi. Munthu aliyense akhale ndi nthawi yake, ndipo pakati pa nthawizo ndisiye mipata itatu yoti mwendo upume, wina chakum'mawa, wina masana, wina chakumadzulo. Kuti anthu adziwe, tijambule kavidiyo tikaike pa tsamba la pa intaneti ndi pa sitetasi.

Nkhondo yoyamba inali ya mitengo. Adada sanalembepo mitengo pakhoma chiyambire. Ankayang'ana nsapato za munthu ndi kutchula mtengo. Ndinawauza kuti munthu wobukitsa pa foni nsapato zake sizioneka, ndiye afunika adziwiretu. Tinakangana mpaka anavomera, koma anati ana asukulu akhale ndi mtengo wawo wotsika, ndipo iwo akafuna kumuchotsera munthu palibe wowaletsa. Ndinalemba pa bolodi ndi choko, chifukwa mitengo masiku ano sikhalitsa.

Tsiku lojambula anavala malaya oyera osita bwino. Mnyamata wina wa kabaza, kasitomala wawo wakale, anavomera kuti mutu wake uoneke. Ndinayambira pakhomo kuti anthu adziwe malo, ndinaima pa bolodi nthawi yokwanira kuti munthu awerenge mosathamanga, kenako manja a adada akudula mzere wa pachipumi. Aaa, manja amenewo! Ndinamalizira pa foni ina yoonetsa chitsanzo cha uthenga wobukitsira. Adada anandipatsa lamulo limodzi lokha, lakuti kamera isatsike kupitirira mawondo, ndipo sinatsike.

Vidiyo inatha msanga. Chimene chinatidyera tsiku ndi mawu olemba pansi pake, amene anyamata amati kapishoni. Ndinawafotokozera adada chifukwa chake mawuwo ndi ofunika kuposa vidiyo yeniyeniyo. Anthu ambiri kwathu amasunga bandulo ngati mchere, vidiyo saitsegula n'komwe, amangowerenga za pansizo. Ena amaonera mawu atazimitsa. Komanso pa tsamba mawu akatalika amadulidwa, amaoneka mizere yoyambirira yokha, yotsalayo mpaka munthu adine. Choncho chofunika kwambiri chiyenera kukhala pamwamba. Adada anagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu, ine n'kumaganiza kuti sakumva.

Pamwamba penipeni ndinalemba kuti wometa akudwala mwendo, ndipo pa nthawi zina azipuma. Nditawawerengera, nkhope yawo inasintha.

“Fufuta,” anatero.

“Adada, nanga anthu adziwa bwanji kuti...”

“Ndati fufuta, mwana iwe. Unaonapo munthu akupereka khosi lake kwa wodwala wogwira lumo? Lero anena mwendo. Mawa anena kuti dzanja likunjenjemera. Mkuja anena kuti maso afooka, wina ndamudula khutu. Pofika Lamlungu onse ali kwa anyamata a kudepoti, kuja kuli magetsi amitundumitundu ndi nyimbo.”

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti manyazi amenewo ndi amene adzawakweze galimoto ya ku Mzuzu. Iwo anangotenga burashi n'kuyamba kutsuka mashini oyera kale. Adada akayamba kutsuka mashini, nkhani yatha. Ndinafufuta, ndipo mawu amene anatuluka anali awa:

“Babashopu ya pakati pa golosale ndi okonza njinga. Tsopano mutha kubukitsa nthawi yanu, osadikiranso pa mzere. Tumizani uthenga pa nambala ili m'munsiyi, mutchule dzina, tsiku, nthawi ndi kametedwe komwe mukufuna. Dikirani yankho, chifukwa popanda yankho nthawiyo si yanu. Mukachedwa kwambiri tipatsa wina. Wopanda foni afike pa fotokope ya tsidya la msewu tidzamulembe. Mitengo ya mwezi uno ndi yomwe ili pa bolodi m'vidiyomu: mpala, tebulo kati, fedi, ndevu, ndi ana asukulu. Magetsi akazima timameta ndithu, mashini ndi ochaja.”

Za mipata itatu ija sindinalembe kanthu. Ndinaganiza kuti ndizingoisunga ndekha, munthu akapempha nthawi imeneyo ndizimupatsa ina.

Mauthenga anabwera, abale. Aphunzitsi, anyamata a m'maofesi, amalonda ofuna kumeta Lachisanu m'mawa asanapite ku mzikiti, ngakhale asodzi a ku Ngara obwera m'tauni ndi usipa. Ena ankangolemba kuti “ndikubwera” popanda dzina kapena nthawi, ine n'kumawayankha kuti abwerere akawerengenso. Ena ankayankha m'Chitumbuka, ena m'Chinkhonde, zonse ndinkalandira. Pa mlungu woyamba ndinayenda modzitukumula, ndikuganiza kuti ndagonjetsa chilonda ndi foni.

Koma inali nyengo yokolola mpunga. Anthu a ku Kaporo akagulitsa matumba awo amabwera m'tauni kudzagula malata, nsalu ndi matayala a njinga, ndipo asanabwerere amafuna kumeta kuti kumudzi akaone kuti munthu wachokera kutauni. Amenewa za vidiyo analibe nazo ntchito. Ankafika, kusuzumira pakhomo, kuona mpando uli wopanda munthu ndipo wometa wakhala pansi. Kodi munthu angafunenso mwayi wina woposa pamenepo? Ankalonjera, kuvula chipewa, kukhala pa mpando. Adada nawo, mwendo umene angoukweza kumene, ankautsitsa msanga ngati agwidwa akuba, n'kuimirira.

Tsiku lina ndinaona zimenezi ndili pakati pojambula mapepala a munthu. Ndinasiya makina akulira, ndinadumpha msewu osayang'ana ndi njinga zomwe, ndinalowa ndikulalata. Bambo wa ku Kaporo amene anali pa mpando anadzidzimuka, nafuna kudzuka nsalu ili m'khosi. Adada anamugwira phewa kuti akhale, natembenukira kwa ine, nalankhula motsitsa mawu, kumene kumandiopsa kuposa kukalipa.

“Munthu wapalasa njinga kuchokera ku Kaporo. Ndimuuze kuti mpando wopanda munthu uli ndi munthu? Bwerera ku ntchito yako.”

Ndinabwerera misozi ili m'maso. Chondipweteka chinali chakuti sankanama. Mawu anga a pansi pa vidiyo anauza anthu zonse, kupatula chinthu chimodzi chimene ndinawalembera. Madzulo ndikamasintha bandeji ndinkaona chilonda chili chomwecho, chonyowa, m'mbali mwake mofiira. Masiku ankapita, ndipo achimwene ankaimba kufunsa. Ndinkawayankha kuti tikuyesetsa, koma mumtima ndinali nditayamba kuganiza za munthu amene angagule mpando uja.

Eni golosale yoyandikana ndi babashopu ndi bambo wachisilamu wochokera ku Mangochi, amene anabwera ku Karonga kalekale ndi katundu wa m'katoni imodzi. Ine ndimawaitana ankolo kuyambira ndili mwana, ndipo iwo amawaitana adada kuti fundi, ndiye kuti mmisiri. Ndi munthu wonenepa, wosafulumira, wokonda nthabwala zouma zimene umazimva utafika kale kunyumba. Mzuli wawo woyera suchoka kumutu.

M'mawa wina foni yanga inalira. Unali uthenga wa ankolo, wolembedwa ndendende monga mawu aja ananenera: dzina, tsiku, nthawi, kametedwe. Nthawi imene anapempha inali mpata wa kum'mawa uja. Ndinayankha mwaulemu kuti nthawi imeneyo palibe, nditha kuwapatsa ina. Posakhalitsa ndinawaona akuwoloka msewu pang'onopang'ono, foni ili m'manja.

“Mwanangu,” anatero, “ndawerenga mawu ako onse, mpaka ndadina kuti ndione otsalawo. Palibe pamene walemba kuti nthawi imeneyi ndi yoletsedwa. Kodi wabukitsa wina?”

“Ayi, ankolo.”

“Ndiye ndi yanga. Undilembe lero, mawa, ndi masiku onse.”

Apa mtima wanga unakwera. Ndinali nditatopa, ndipo ndinaona ngati nawonso abwera kudzawonjezera moto. “Ankolo, inu mumeta chiyani masiku onse?”

Anavula mzuli. Dazi lawo linawala padzuwa ngati mbale yotsukidwa ndi phulusa, lopanda ndi katsitsi kamodzi komwe. Analisisita mwachikondi, nati, “Mutu ndi wanga, ndalama ndi zanga. Iwe tumiza yankho, paja popanda yankho nthawiyo si yanga.” Anavala mzuli n'kumapita. Ndinatumiza yankho mokwiya, ndikudziuza kuti dziko lonse lapenga.

Nthawi itakwana ndinaima pakhomo panga kuti ndione. Ankolo anasiya akazi awo m'golosale, analowa m'babashopu, nakhala pa mpando mwaufumu. Adada anawamanga nsalu m'khosi akuseka, natenga mashini. Ndinayandikira kuti ndimve.

“Fundi, musayambe,” anatero ankolo. “Ine ndimatuluka thukuta kwambiri. Mashini anu pa mutu wonyowa amandiyabwa. Dikirani uume kaye. Khalani apo, musandiimirire kumsana ngati wapolisi.”

Ndi phazi anakankhira kwa adada kreti yopanda mabotolo, imene anali ataibweretsa m'mawa ati ikusowa malo m'golosale. Adada anakhala pa benchi. Patapita kanthawi, pakati pa nkhani ya mtengo wa shuga, mwendo unakwera wokha pa kreti. Anyamata awiri a mpunga anasuzumira pakhomo, anaona mpando uli ndi munthu wamkulu atamangidwa nsalu, anafunsa kuti abwere nthawi yanji, ndipo ankolo anawalozera kwa ine. Ndinawalemba nthawi yotsatira, iwo n'kupita kukagula matayala awo. Mutu wa ankolo unatenga nthawi yonse ya mpatawo kuti uume. Pomaliza adada anadzuka, anayendetsa mashini kamodzi kumbuyo kwa khosi, anapaka sipiriti, ndipo ankolo anadziyang'ana pagalasi mbali zonse, nati fundi sanakalambe. Analipira mtengo wa ndevu.

Ine ndinabwerera mu fotokope, ndinatseka chitseko, ndinalira ngati mwana. Ndinali ndisanawauzepo ankolo za chilonda. Sindinauze munthu aliyense.

Masana ankolo sakanatha kubwera, chifukwa nthawi imeneyo amapita kukapemphera. Koma tsiku lomwelo ndinalandira uthenga wa bambo wokonza njinga, wopempha mpata wa masana, kametedwe ati “kuwongola pang'ono.” Wa madzulo anautenga mnyamata wa kabaza wa m'vidiyo uja, amene mutu wake unali usanamere n'komwe. Aliyense anali ndi chifukwa chake chochedwetsera. Wokonza njinga ankati ayambe wadya chinangwa chake ali pa mpando, popeza kwake kuli girisi. Wa kabaza ankati msana ukumupweteka, aupumitse kaye. Ine sindinafunse kanthu. Ndinkangoyankha kuti nthawiyo ndi yanu.

Zinayenda choncho kwa masiku angapo, ndipo madzulo ndinayamba kuona bandeji ikuchoka youma pang'ono. Koma adada si mwana. Munthu amene wakhala zaka zonsezi akuwerenga nkhope za anthu pagalasi sunganamize nthawi yaitali. Tsiku lina ankolo atatulutsa ndalama, adada anakana kulandira. Anandiitana ndi dzanja kuchokera tsidya lija. Nditalowa ndinapeza nkhope yawo ili gwa.

“Wauza anthu,” anatero. “Ndinakuletsa kulemba, ndiye wayenda nazo pakamwa. Tsopano ndasanduka wopemphetsa, anthu akundilipira kuti ndikhale pansi.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo mawu amene ankabwera sanali abwino. Ankolo ananditsogolera. Anali akadali pa mpando, nsalu ili m'khosi, akulankhula ndi adada kudzera pagalasi.

“Fundi, mwanayu musamunamizire. Sananene kanthu. Inu mukuganiza kuti tilibe maso? Munthu wovala sokosi yaubweya m'dzuwa la Karonga, woyenda ngati waponda minga, wotuma ana kudzagula sopo wa mankhwala m'golosale mwanga mlungu uliwonse. Mzere wonse uno ukudziwa. A kabaza akudziwa. Akazi anga anadziwa ine ndisanadziwe. Ndipo chidziwireni, ndani wasiya kukubweretserani khosi lake? Tatchulani mmodzi.”

Adada anayang'ana mashini amene anali m'manja mwawo.

“Ndalamazi si zachifundo,” anapitiriza ankolo. “Mukapita ku Mzuzu, muno mulowa wogulitsa mowa wa m'masacheti, ine ndizigona bwanji? Ndikudziteteza ndekha.” Anaika ndalamazo pa shelefu pafupi ndi botolo la sipiriti, anamasula okha nsalu, natuluka.

Tsiku lonselo adada sanandilankhule. Madzulo ndikusintha bandeji anangoyang'ana kudenga. Ndinaopa kuti mawa adzathetsa zonse, kubukitsa ndi vidiyo yomwe, n'kubwerera ku benchi yawo yakale.

M'mawa mwake ndikutsegula fotokope ndinawaona akuwoloka msewu. Adada sankabwera kwanga kawirikawiri, ankati makina anga amanunkha ngati tsitsi lopserera. Anakhala pa kampando ka makasitomala, natambasula mwendo poyera, bandeji ikuoneka. Sokosi sanavale.

“Mawu aja a pansi pa vidiyo,” anatero, “amasinthika?”

Ndinawauza kuti pa tsamba amasinthika, vidiyo n'kukhala yomweyo. Pa sitetasi pokha ndiyenera kuikanso mwatsopano, koma kumeneko ndimaikanso tsiku lililonse kale, popeza imazimiririka yokha.

“Tsegula. Ulembe monga ndinenere ine, osati Chichewa chako cha kuchipatala chija.”

Anaganiza kanthawi, akusisita chibwano, kenako ananena pang'onopang'ono kuti ndilembe bwino:

“Fundi ali ndi chilonda pa mwendo, osati pa dzanja. Mukamupeza wakweza mwendo pa kreti, ndiye kuti akumwa mankhwala ake. Musamudzutse. Khalani pa benchi mucheze naye, nthawi yanu ikwana.”

Ndinalemba, ndinawawerengera, ndipo ndinayamba kuwaika kumapeto, pansi pa za magetsi, poganiza kuti kumeneko sawawawa kwambiri. Anandigwira dzanja.

“Si iwe unati amaoneka ndi mizere yoyamba yokha? Ika pamwamba. Za mitengo zija zipite m'munsi.”

Kani tsiku lija ankamva zonse! Ndinaika pamwamba, ndipo pansi pake ndinatchula nthawi zitatu zopumazo kuti aliyense azidziwe. Ndinasindikizanso mawu omwewo pa pepala lalikulu, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde, tinamata pachitseko chifukwa cha anthu opanda mafoni. 

Sindinganame kuti palibe amene anachoka. Anyamata angapo amene ankameta fedi sanabwerenso, ndipo ndinawaona akutuluka kwa a kudepoti. Adada anawaonanso, napitiriza ntchito yawo. Koma pansi pa vidiyo anthu analemba zambiri, ena kuwafunira kuchira, ena kuwaseka kuti fundi wayamba kumwa mankhwala ndi mwendo. Amayi ena anabweretsa pilo wakale woti aziika pa kreti. Ankolo anasiya kumeta tsiku lililonse, ati dazi lawo layamba kutha, koma nthawi ya mpata ankabwerabe ndi kapu ya tiyi kudzakhala pa benchi.

Chimene sindidzaiwala ndi bambo uja wa ku Kaporo amene ndinamudzidzimutsa ndi kulalata kwanga. Anabweranso tsiku lina masana, napeza mpando uli wopanda munthu, adada ali pa benchi mwendo uli m'mwamba. Mwa chizolowezi adada anayamba kuutsitsa. Bamboyo anakweza dzanja, nalankhula m'Chinkhonde kuti mwana wake anamuwerengera mawu aja pa foni. Anatsamiritsa njinga yake pakhoma, anakhala pambali pawo, nayamba kuwafotokozera mmene madzi anawonongera munda wa mlamu wake. Anadikira mpata wonse. Adada mwendo sanautsitse.

Kumapeto kwa mwezi wotsatira uja tinabwerera kuchipatala. Adokotala anamasula bandeji, anayang'ana, anayerekeza ndi mmene chinalili poyamba. Chilonda chinali chisanatseke, koma chinali chitachepa moonekeratu, m'mbali mwake mukumera khungu latsopano. Anati zimene mukuchitazo pitirizani, ndipo musanyengeke n'kusiya chikadzapola, chifukwa zilonda zotere zimabwerera. Adada anayankha kuti yewo, ngati munthu amene wauzidwa za nyengo. Titatuluka panja anandigwira phewa mwamphamvu mpaka kundipweteka.

Achimwene anafika chakumadzulo tsiku lomwelo monga analonjezera, mpando wakumbuyo wa galimoto atauyala bulangete la wodwala. Ndinawauza mawu a adokotala pa foni ali m'njira, koma anati akufuna adzaone okha, chifukwa ine ndi adada timagwirizana pobisa zinthu. Anafika nthawi ya mpata. Anapeza adada ali pa benchi, mwendo uli pa pilo, ankolo ali mbali iyi, wokonza njinga mbali inayo, onse akukangana za mpira. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuwerenga pepala lija. Kenako analowa, analonjera, anagwada kuyang'ana bandeji, ndipo podzuka anadzigwira kumutu, nati tsitsi lakula, nakhala pa mpando.

“Achimwene,” anatero ankolo, “mwabukitsa?”

Benchi yonse inafa ndi kuseka. Achimwene anadzuka mwamanyazi, anatuluka, nakaima pafupi ndi galimoto yawo akulemba pa foni. Ine ndinali nditabwerera tsidya lija pamene foni yanga inalira. Analemba dzina lawo lonse ngati sindikuwadziwa, tsiku, nthawi, ndi tebulo kati. Pansi pake anawonjezera mzere wina wakuti, “Undilembenso kumapeto kwa mwezi wamawa, ndi mwezi winawo.”

Ndinawerenga kawiri, maso akuchita chifunga. Ndinayankha kuti nthawiyo ndi yanu, musachedwe. Madzulo amenewo adada anameta mwana wawo, ndipo m'mawa mwake galimoto inabwerera ku Mzuzu ndi bulangete lokha kumbuyo.